Ndithandizeni: ndafewetsa chikumbutso cha abwana ndi nthabwala, koma mtima sukukhazikika

Namzeze
Abale, ndikufuna maso anu ndisanabweze uthengawu. Abwana athu alemba chikumbutso chopita kwa tonse, kenako andipatsa kuti ndichilembenso, ati chawuma kwambiri ndipo anthu sachiwerenga. Chawocho chili chonchi:

"Tikukumbutsa ogwira ntchito onse kuti malipoti a mwezi atumizidwe pofika Lachisanu, 5 koloko madzulo. Mwezi watha malipoti anayi anafika mochedwa, zomwe zinachedwetsa lipoti la nthambi yonse. Amene alephere kutumiza pa nthawi yake adzalandira kalata ya chenjezo."

Ine ndachilemba chonchi:

"Moni akatswiri olemba malipoti! Mwezi wathanso, ndipo lipoti silidzilemba lokha, tinayesapo kulisiya patebulo usiku wonse. Tumizani pofika Lachisanu 5 koloko, kaya Lolemba, kaya chaka chamawa, mukudziwa ndinu. Anzathu anayi a mwezi watha, amene malipoti awo anabwera wapansi, tikukuonanitu. Ochedwa, kalata ya chenjezo ikukudikirani ndi manja awiri."

Polemba ndimaseka ndekha. Mnzanga wa pambali panga wawerenga, wangoti "ehe" n'kubwerera pa ntchito yake. Kodi vuto ndi iyeyo kapena ndi uthengawu?

Kadziotche
"Ehe" ameneyo ndiye yankho lanu, achemwali. Munthu akaseka simufunsa.

Wosagona
Ine ndaseka pa lipoti logona patebulo. Zinazo ndawerenga phewa lili m'mwamba.

Bambo_Malamulo
Chikumbutso cha ku ntchito si malo a nthabwala. Bwezani cha abwanacho momwe chilili. Nkhani ya kalata ya chenjezo imakhudza ntchito ya munthu, ndiye tiziseka chiyani pamenepo?

Mkonzi_Wakale
A Namzeze, mwaika nthabwala zinayi m'ziganizo zisanu, ndipo sizofanana. Imodzi ndi yabwino, zitatu zikuwonongerani uthenga, iliyonse mwa njira yakeyake. Ndiyambe ndi yoopsa kwambiri, yomwe mwina simukuikayikira n'komwe: "kaya Lolemba, kaya chaka chamawa".

Uthenga wonsewu ulipo chifukwa cha mfundo imodzi, tsiku ndi ola. Abwana anatchula tsiku limodzi, inu mwatchula atatu. Chaka chamawa aliyense adziwa kuti mukuseka, chifukwa n'chosatheka. Koma Lolemba n'lotheka. Munthu wowerenga pafoni akuthamangira msonkhano sawerenga mawu onse, maso ake amangotola masiku ndi manambala. Atola Lachisanu ndi Lolemba, ndipo asankha lomukomera. Ndiye Lolembalo akadzalandira kalata ya chenjezo, adzatulutsa uthenga wanu n'kunena kuti munalemba nokha. Kunena zoona, adzakhala ndi mfundo.

Choncho pamene pali chinthu choti munthu achite, kaya ndi tsiku, ola, malo kapena dzina la woti alandire, musamapakhudze ndi nthabwala. Chiganizo chimenecho chiime chokha, choyera. Sekani chisanafike kapena chitadutsa.

Namzeze
Koma a Mkonzi, anthu ake ndi akuluakulu, si ana. Angalephere kuona kuti ndikunyogodola?

Mkonzi_Wakale
Angalephere, ndipo si umbuli. Inu polemba mumamva mawu anu m'mutu, mumadziwa pamene mwakweza liwu ndi pamene mwatsinzina. Papepala zonsezo sizifika. Zimenezi anaziyesapo Justin Kruger ndi Nicholas Epley ndi anzawo, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2005. Anthu ankatumiza ziganizo, zina zonena moona mtima, zina zonyogodola, ndipo wolandira ankayenera kusiyanitsa. Otumizawo ankayembekezera kuti anzawo alondola pafupifupi 78 pa 100 zilizonse. Pomva mawu enieni, olandira analondola pafupifupi 73. Pa imelo analondola 56 zokha, kutanthauza kuti sanasiyane kwenikweni ndi munthu wongolotera, poti mayankho analipo awiri basi. Chimene chimandigwira mtima si 56 ayi, koma kuti olembawo sankadziwa kuti sakumveka.

Dzombe
Zosavuta izi. Ikani kankhope koseka kumapeto kwa chiganizo chilichonse chanthabwala, nkhani yatha. Timaimoji tinapangidwira zomwezo.

Mphunzitsi_Puma
A Dzombe akunena zoona mbali ina. Kachizindikiro kaja `:-)` kanayambadi chifukwa cha vuto lomweli. Mu Seputembala 1982, pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, wina analemba mwanthabwala kuti chikepe china chokwerera m'nyumba yosanja chaipitsidwa ndi mankhwala oopsa a mekyule, ena n'kuyesa chenjezo lenileni. Scott Fahlman, katswiri wa makompyuta pa yunivesiteyo, ndiye anati nthabwala ziziikidwa kachizindikiroko. Koma onani chimene kamachita: kamauza munthu kuti "apa ndikuseka". Sikachititsa kuti chinthucho chikhale choseketsa, komanso sikachotsa ululu. Mukalemba kuti "anzathu anayi, tikukuonanitu" n'kuikapo kankhope, anayiwo aona kuti mukuwanena, komanso mukusekerera powanena. Penatu zimapweteka kuposa popanda kankhope.

Dzombe
Koma pa Lolemba paja kangathandize.

Mphunzitsi_Puma
Kangathandize amene wawerenga mpaka kumapeto kwa chiganizo. Amene watola tsiku n'kutseka foni sakaona.

Mlaliki_wa_Mumsewu
Ine ndimalankhula pagulu kawirikawiri ndipo ndikuuzeni, chinsinsi ndi kupumira. Ukanena nthabwala usathamange, ima kaye, yang'ana anthu, uwapatse mpata woseka. Ukaona nkhope zauma, sintha nkhani msanga. A Namzeze, mukamakawerenga chikumbutsochi pamsonkhano, muime pang'ono mukanena za tebulo zija.

Kadziotche
Akulu, palibe msonkhano. Ndi uthenga wolemba.

Mlaliki_wa_Mumsewu
Ooh, ndimayesa akukawerenga pamaso pa anthu. Ndiye n'zovutatu, poti nkhope simuziona.

Wosagona
Mwaphonya funso koma mwalasa mfundo, abambo. Pamsonkhano nthabwala ikakanika, mphindi imodzi anthu aiwala. Yolemba imakhala m'foni, imawerengedwanso mawa, imatumizidwa kwa munthu amene sanali m'gululo, ameneyo n'kumafunsa kuti kodi kumeneku mumalemberana chonchi?

Mayi_Akawunti
Funso langa ndi limodzi, achemwali. Anayiwo anachedwa chifukwa chiyani? Mukudziwa?

Namzeze
Awiri ndi chizolowezi chawo, mwezi ndi mwezi. Mmodzi kompyuta inamufera. Winayo, mayi wina, anali kuchipatala ndi mwana sabata yonse.

Mayi_Akawunti
Ndiye mayi ameneyo atsegule foni m'mawa, apeze kuti lipoti lake "linabwera wapansi" ndipo ofesi yonse ikumuona. Inu mukuloza awiri aulesi aja, koma chiganizo sichisankha, chagwira onse anayi. Ndinaonapo zotere kumene ndinkagwira kale. Wina analemba m'chidziwitso kuti "amene amasowa Lolemba lililonse tiwagulira kalendala". Panali bambo wina amene Lolemba lililonse ankapita kukalandira chithandizo cha matenda ake, ndipo ochepa okha ndi amene ankadziwa. Sanadandaule kwa aliyense. Anangosiya kudya nafe limodzi masana, ndipo wolembayo mpaka anachoka osadziwa chimene analakwa. Anthu ambiri amayesa kuti nthabwala ikapweteka wina amva madandaulo. Nthawi zambiri simumva kanthu.

Mkonzi_Wakale
Amayi afika pamene ndimapita. Abwana analemba kuti "malipoti anayi anafika mochedwa". Akunena malipoti, ndipo akupereka chifukwa chimene akulembera. Inu mwasintha n'kukhala "anzathu anayi", mwachoka pa mapepala mwapita pa anthu. Muofesi ya anthu ochepa aliyense akuwadziwa anayiwo, ndiye ngakhale simunatchule dzina, mwatchula.

Pali akatswiri awiri, Peter McGraw ndi Caleb Warren, amene mu 2010 anafotokoza kuseka motere: munthu amaseka pamene chinthu chaphwanya dongosolo limene amayembekezera, koma nthawi yomweyo akuona kuti palibe choopsa. Zonse ziwiri zikhalepo. Popanda chophwanyika palibe choseketsa, ndipo choopsa chikakhala chenicheni kuseka kumathawa. Tengani muyeso umenewu muyeze ziganizo zanu. Lipoti losiyidwa patebulo kuti lidzilembe: n'zopanda nzeru, koma palibe wavulala, ndipo wopusa m'nkhaniyo ndi "ife" olembafe. N'chifukwa chake a Wosagona aseka. Malipoti obwera wapansi: kwa amene anatumiza pa nthawi palibe choopsa, aseka. Kwa anayi aja choopsa chilipo, manyazi pamaso pa anzawo. Kalata yodikira ndi manja awiri: kwa aliyense amene ntchito yake ingagwedezeke, palibe chofewa pamenepo.

Ndiye musamafunse kuti kodi n'zoseketsa. Funsani kuti zikuseketsa ndani, ndipo akulipira ndani.

Bambo_Malamulo
Mwazungulira mtunda wautali kuti mufike pamene ndinayambira. Chotsani zonse.

Wosagona
Ayi, abambo, sananene choncho. Ndipo musaiwale kuti abwana eniake ndi amene apempha kuti chifewe, chifukwa chouma chija anthu sachiwerenga. Mukabweza momwe chinalili simunagwire ntchito imene mwapatsidwa.

Bambo_Malamulo
Kufewa ndi kuseketsa ndi zinthu ziwiri. Mukhoza kuyamba ndi moni, kuthokoza amene amatumiza pa nthawi, kufotokoza chifukwa chake tsikulo lili lofunika. Chafewa, popanda kuseka ndi kamodzi komwe.

Mkonzi_Wakale
Apa ndiye ndikugwirizana nanu, ndipo ndi mfundo imene olembanso ambiri amaiphonya. Munthu akati "chawuma", sikuti nthawi zonse akufuna nthabwala. Mwina akufuna ziganizo zazifupi ndi liwu la munthu m'malo mwa liwu la ofesi. Pamene tikusiyana ndi poti ine kanthabwala ka tebulo ndingakasunge, ngati abwanawo ndi munthu woti angakanene.

Chimbalangondo
Komano tinene zoona, kalata ya chenjezo chifukwa cha lipoti limodzi lochedwa si nkhanza zimenezo? Kwathu kuntchito amayamba akuitana kaye n'kukufunsa. Kalata imabwera ukabwereza.

Dzombe
Komanso bwanji Lachisanu madzulo? Ndani amawerenga malipoti Loweruka? Akanangoti Lolemba m'mawa zenizeni.

Chimbalangondo
Eetu. Mabwana ena amangokonda kuti tebulo lawo lidzaze asanaweruke.

Mayi_Akawunti
Ife amene timaphatikiza malipoti a nthambi tikudziwa chifukwa chake. Lolemba m'mawa lipoti lalikulu limayenera kukhala likuyambika, osati kumathamangitsa anthu m'makonde. Koma a Namzeze sanafunse za lamulo la abwana awo.

Namzeze
Zoona, lamulolo si langa ndipo sindingalisinthe. A Mkonzi, mwati "ngati abwanawo angakanene". Uthengawu utuluka m'dzina lawo, osati langa. Zikusintha kanthu?

Mkonzi_Wakale
Zikusintha zambiri. Inu polemba munkaseka ngati mnzawo wa anthu amene alandire, woti nayenso lipoti limamuvuta. "Tikukuonanitu" pakamwa pa mnzako ndi kucheza. Mawu omwewo pakamwa pa munthu amene amasaina makalata a chenjezo ndi kuopseza. Zilembo sizinasinthe, wasintha ndi mwini dzina la pansi. Wamkulu akamaseka wamng'ono, wamng'onoyo sangabweze, ndipo akaseka simungadziwe ngati waseka chifukwa zakoma kapena chifukwa cha mantha. Chimodzimodzi "akatswiri olemba malipoti". Uthenga wake ndi wodzudzula kuchedwa, ndiye mawu oyamikira pamwamba pake amveka ngati chipongwe.

Chinanso, mukamalembanso za mwini, mukubwereka pakamwa pake. Ngati abwana anu sanasekepo m'uthenga uliwonse chiyambire, anthu adzadziwa pa chiganizo choyamba kuti walemba ndi wina, kapena adzayamba kufunsana kuti kodi lero kwagwanji. Werengani mauthenga awo akale angapo. Ngati muli kanthabwala apa ndi apo, onani mtundu wake, n'kukhala m'malire amenewo. Ngati mulibe, uwu usakhale woyamba popanda iwo kudziwa. Ndipo powabwezera muwalozere kuti apa ndawonjezera ine, mukhoza kuchotsa. Munthu wotanganidwa amatha kungovomera osawerenga bwino, n'kudzayankha mlandu wa mawu amene sanawaone.

Namzeze
Amasekako ndithu, koma modziseka okha. Amakonda kunena za kuiwala kwawo.

Wosagona
Ndiye ya tebulo ikuwakwana. Ingosinthani "tinayesapo" akhale "ndinayesapo", kuti wopusayo akhale iwowo payekha.

Kadziotche
Ndikufunseni akatswiri inu, munthu angadziwe bwanji asanatumize? Si tonse tili ndi gulu loti lizitiunikira uthenga uliwonse.

Mphunzitsi_Puma
Ine ndimachita ziwiri. Choyamba, ndimawerenga mokweza ndi liwu losiyana ndi limene ndinali nalo polemba. Ngati ndimaseka, ndimawerenga ngati munthu wokwiya, kapena ngati wowerenga nkhani pa wailesi, wopanda kukweza kapena kutsitsa. Yesani ndi "ikukudikirani ndi manja awiri", mumva nokha kuti ndi munthu amene akukondwera kulanga anzake. Yesani ndi ya tebulo, imapulumuka, chifukwa choseketsa chili m'chithunzicho osati m'kamvekedwe ka mawu. Ngati ndikukumbuka bwino nkhani ya a Mkonzi ija, ofufuza aja anachitanso zofanana.

Chachiwiri, ndimapatsa munthu mmodzi osamuuza kuti muli nthabwala. Mukangoti "tawerenga, n'zoseketsa", mwamuuza kale liwu loti awerengere, ndipo aseka kuti akusangalatseni. Akamaliza sindimufunsa ngati zakoma. Ndimamufunsa kuti uthengawu ukuti uchite chiyani, liti. Akayankha mokayika, nthabwala yadya uthenga.

Mkonzi_Wakale
Mwakumbuka bwino, aphunzitsi. Olemba atauzidwa kuti awerenge ziganizo zawo mokweza ndi liwu losemphana ndi limene ankatanthauza, kudzidalira kopitirira kuja kunatha. Ndiwonjezere chachitatu, chosafuna munthu wina: fufutani nthabwalayo muone chimene chatayika. Mukafufuta ya Lolemba, uthenga ukumveka bwino kuposa kale, ndiye inali yongowononga. Mukafufuta ya tebulo, uthenga ukumvekabe koma wataya kaubwenzi, ndiye inali ndi ntchito yake.

Dzombe
Koma mukayeza chonchi chilichonse, mutsala ndi nthabwala zopanda mano. Zoseketsa zenizeni zimaluma pang'ono.

Mayi_Akawunti
Zilume pa macheza, achimwene, pamene wolumidwayo angabweze. Uwu ndi uthenga woti anthu sangasankhe kusauwerenga.

Dzombe
Sindikukana. Ndikungoti tisamanamizane kuti ya tebulo ija ndi yothyola nthiti. Ndi yongomwetulitsa.

Wosagona
Kumwetulira n'kokwana pa chikumbutso cha malipoti. Koma a Mkonzi, ndakhala ndikuiwerenga, ndikuona ngati ingathwe bwino kuposa apa. Ikutha ndi "usiku wonse", ngati yasiyidwa panjira.

Mkonzi_Wakale
Khutu lanu ndi labwino. Mawu odabwitsa azikhala omaliza, pambuyo pake pasabwerenso kanthu. Pano chiganizo chayamba ndi kuulula mathero, "silidzilemba lokha", kenako chikufotokoza. Tembenuzani: "Ndinayesapo kusiya langa patebulo usiku wonse kuti lidzilembe lokha. Linakana." Liwu limodzi lomalizalo ndilo likugwira ntchito. Musawonjezere "kkkk" kapena "ndikuseka chabe", chifukwa mukayamba kuiperekeza ndiye kuti simukuikhulupirira. Ndipo ikani kadontho, tsikani mzere, kenako tsiku ndi ola.

Namzeze
Ndalembanso. Taonani:

"Moni nonse. Mwezi wathanso, nthawi ya malipoti yakwana. Ndinayesapo kusiya langa patebulo usiku wonse kuti lidzilembe lokha. Linakana.

Tumizani lipoti lanu pofika Lachisanu, 5 koloko madzulo.

Mwezi watha malipoti anayi anafika mochedwa ndipo lipoti la nthambi yonse linachedwa nawo. Ngati pali chimene chikuchedwetseni, ndiuzeni Lachisanu lisanafike. Amene alephere kutumiza pa nthawi yake adzalandira kalata ya chenjezo."

Kadziotche
Apa ndiye ndamwetulira, ndipo tsiku ndaligwira.

Bambo_Malamulo
N'zabwinoko. Komabe uthenga umodzi wayamba ndi kuseka, watha ndi kalata ya chenjezo. Wowerenga atenge ziti? Munthu akadzalandira kalatayo adzati ndimayesa tikucheza. Ine ndikanachotsabe.

Mphunzitsi_Puma
Pakati pake pali mizere iwiri yolankhula mosaseka, ndiye ine sindikuona kuti zikusakanikirana. Koma nkhawa yanu si yachabe. Zikanakhala kuti uthengawu ukulengeza chilango kwa nthawi yoyamba, kapena kuti wina walandira kale kalata sabata ino, nanenso ndikanati pasakhale nthabwala. Zimatengera mmene muofesimo mulili panopa, ndipo zimenezo akudziwa ndi a Namzeze.

Mayi_Akawunti
Dikirani kaye. "Ngati pali chimene chikuchedwetseni, ndiuzeni" mwaitenga kuti? M'cholemba cha abwana mulibe. Ndi chiganizo chabwino, ndipo ndikudziwa kuti mwaganizira mayi uja, koma mwawalonjezera abwana chinthu chimene sananene. Chimenecho ndiye muwafunse kuposa nthabwala ija.

Namzeze
Ndiwalozera zonse ziwiri, asankhe okha. Koma ndikuganizanso, chikumbutsochi chimatuluka mwezi uliwonse. Akachikonda adzangosintha deti n'kumatumiza chomwechi.

Wosagona
Mwezi woyamba amwetulira, wachiwiri adumpha mzerewo, wachitatu ayamba kudumpha ndi wa Lachisanu womwe. Muwauze kuti ndi ya ulendo uno wokha.

Dzombe
Kapena muziwalembera yatsopano mwezi uliwonse, achemwali. Mwadzipezera ntchito ina yopanda malipiro.

Chimbalangondo
Nanga funso langa la kalata ya chenjezo lija palibe wayankha.